Kalata ya msungichuma pa za 38,500 MT zimene zaperewera m'thumba la gulu

Msungichuma: Kwa a Wapampando, a Mlembi, a Konselyu Fisikali amene mumaunika mabuku a ndalama, ndi nonse a komiti ya gulu lathu la alimi kuno ku Domwe. Ndalemba lero pa 11 Disembala 2023, ndipo pepala lenileni lokhala ndi siginecha yanga ndalisiya kwa a Mlembi. Ndaikanso pano pa gulu lathu la pafoni kuti amene muli kutali muwerenge tisanakumane.

Loweruka pa 9 Disembala tinawerenga ndalama za gulu pamaso pa anthu atatu. Buku likuti tiyenera kukhala ndi mametikali 148,000, kapena kuti 148,000 MT. Zimene zinapezeka ndi 109,500 MT: kubanki ku Ulongwe 85,000, mufoni 9,500, m'bokosi 15,000. Zaperewera 38,500 MT. Ndalamazi zinali m'manja mwanga, choncho woyankha ndine.

Mmene buku linafikira pa 148,000 ndi motere. Zotsala za chaka chatha zinali 24,000. Kota ya mamembala 40, aliyense 500, inakwana 20,000. Mbatatesi ya kudimba la gulu imene tinagulitsa pa metikali inabweretsa 61,000. Ina tinagulitsa kwa ogula ochokera ku Dedza amene analipira makwacha 1,750,000, ndipo ine ndinalemba m'buku kuti 70,000 MT, powerengera makwacha 25 pa metikali imodzi. Zonse pamodzi 175,000. Zotuluka zokhala ndi malisiti ndi 27,000.

Kuperewerako kuli patatu. Koyamba ndi 20,000 MT. Makwacha aja ndinalandira pa 19 Okutobala koma sindinasinthe msanga. Ndinakasintha ku Kalomwe pa 14 Novembala kwacha itagwa kale, anandipatsa pa 35, ndinabwerako ndi 50,000 m'malo mwa 70,000. Kwachiwiri ndi 12,000 MT zimene ndinabwereketsa membala wathu mmodzi atagwa maliro pakhomo pake mu Seputembala, zogulira bokosi ndi kulipirira galimoto yonyamula thupi kuchokera ku Tete. Palibe pepala limene tinalemba. Kwachitatu ndi 6,500 MT zimene ndafufuza usiku ndi usana koma sindikutha kuonetsa kumene zinapita.

Pempho langa ndi ili. Za 6,500 ndibweza ndekha pasanafike pa 20 Disembala, ndagulitsa kale mbuzi ziwiri. Za 12,000, wobwerekayo wavomera kusaina pepala ndi kubweza 4,000 mwezi uliwonse kuyambira kumapeto kwa Disembala mpaka Febuluwale, ndipo akalephera ndilipira ndine. Za 20,000, ndikupempha kuti ine ndisenze theka, 10,000, ndidzapereke mu Meyi ndikakolola soya, theka linalo gulu lindithandize kusenza. Ngati komiti iona kuti ndiyambe ndatula pansi udindo pamene nkhaniyi ikuunikidwa, makiyi ndi buku ndipereka tsiku lomwelo. Ndalakwa, ndipo ndikupepesa.

Wapampando: Talandira, a Msungi. Abale, ndikupempha kuti tilankhule mwaulemu. Munthuyu sanathawe, wabwera yekha ndi manambala. Aliyense anene zakukhosi, koma zokambidwa pano zisatuluke kaye kufikira titakumana.

Mlimi wa kumtunda: Ine ndili ndi funso limodzi. Ureya uja alipo kapena palibe? Chimanga changa chamera, masamba anayi kale. Januwale akangoyamba ndiyenera kubereketsa. Ngati mukuti tisonkhenso ndalama kuti tikwirire dzenje limene sitinakumbe ife, ine sindipereka ngakhale metikali imodzi.

Mlembi: Amalume, palibe amene wanena kuti musonkhe. Werenganinso kalatayo. Theka limene akupempha kuti gulu lisenze silikutanthauza kuti mutulutse m'thumba mwanu, koma kuti gulu livomere kuti 10,000 zinatayika basi. Koma funso la ureya ndi loona. Tinagwirizana matumba 48 a makilogalamu 50, pa mtengo umene tinapatsidwa wa 3,000 thumba, ndiye kuti 144,000, kuphatikizapo 4,000 ya galimoto. Membala aliyense thumba limodzi, asanu ndi atatu otsalawo a munda wa gulu. Ndi ndalama zimene zilipo lero, tikachotsa ya galimoto, tigula matumba 35 okha.

Mlimi wa kumtunda: Ndiye kutayika kumeneko si kusonkha komweko? Thumba langa likachepa ndasonkha kale, mwana wanga.

Mnyamata wa ku Moatize: Ine manambalawa sakundikhutiritsa. Tonse tinamva pa wailesi kuti kwacha yagwa ndi 44 peresenti. Mukatenga 44 peresenti ya 70,000 mupeza 30,800. Nanga bwanji a Msungi akuti anataya 20,000 yokha? Nambala ikamakwana bwino chonchi, yozungulira ngati dzira, ine ndimakayikira kuti yachita kupangidwa kuti igwirizane ndi dzenje. Osintha ndalama pamalire sapereka lisiti. Munthu akhoza kunena mtengo uliwonse. Ine maganizo anga nkhaniyi ipite kupolisi, iwo ndiwo amadziwa kufunsa.

Wamkulu wa Konselyu Fisikali: Achimwene a ku Moatize, pa lisiti mwalasa, koma pa 44 mwaphonya, ndipo ambiri anaphonyanso pamenepo mwezi wathawu. Pa 9 Novembala banki yaikulu ya Malawi inasuntha mtengo wa dola kuchoka pa makwacha 1,180 kufika pa 1,700. Kusiyana kwake ndi 520, ndipo 520 pa 1,180 ndiye 44 peresenti ija. Ikunena za kuchuluka kwa makwacha owonjezera amene muyenera kutulutsa kuti mugule dola yomweyo. Koma munthu amene wasunga makwacha m'nyumba sataya 44. Makwacha 1,700 amene dzulo lake akanagula dola imodzi ndi zina pamwamba, lero agula dola imodzi yokha. Mukawerengera, wataya pafupifupi 30 pa 100 iliyonse. Tsono onani za a Msungi: 20,000 pa 70,000 ndi 28 ndi theka pa 100. Zili m'njira yake. Akanati anataya 30,800 ndi pamene ine ndikanadzuka pampando.

Izi sizikutanthauza kuti ndavomera 35 ija ndi maso otseka. Mtengo wa pamalire suyenda ndendende ndi wa kubanki. Ndikufuna kudziwa: a Msungi, munapita ndi yani?

Msungichuma: Ndinapita ndi mayi wachiwiri kwa a Mlembi. Tinakwera njinga yamoto imodzi.

Wachiwiri kwa Mlembi: Zoona, ndinalipo. Tinafunsa anthu anayi. Woyamba anati 37, awiri anati 36, wachinayi ndiye anavomera 35 chifukwa ndalama zinali zambiri. Makwachawo anali m'jumbo yakuda yokutidwa ndi chitenje, mitolo yomangidwa ndi mphira, ndipo tinawerengera kuseri kwa golosale ina. Ndinawerenga ndekha mametikali kawiri, anali 50,000. Pobwerera bambowa sanalankhule njira yonse. Titafika pamphambano anatsika n'kukhala pansi pa mtengo nthawi yaitali. Pa chimenechi chokha ndikhoza kulumbira. Za zinazo sindikudziwa.

Mnyamata wa ku Moatize: Chabwino, pa 44 ndamva, ndinawerengera chammbuyo. Koma mboni imodzi ya m'komiti yomweyo si lisiti.

Wamkulu wa Konselyu Fisikali: Si lisiti, n'zoona. Koma ndi chimene tili nacho, ndipo mayiwa alembe zimene anenazi papepala, asaine, tiphatike m'buku pa tsiku la 14 Novembala. Alipo ambiri kuno amene anasintha makwacha sabata imeneyo, ogulitsa nyemba ndi tomato, tikhoza kufunsa atatu mitengo imene anapatsidwa.

Tsopano ndinene chimene chandikondweretsa m'kalatayi ndi chimene chandivuta. Ndinagwira ntchito ya mabuku a ndalama zaka zambiri ndisanapume, ndipo makalata otere ndawawerengapo. Ambiri amalemba nambala imodzi, zaperewera zakuti, kenaka masamba awiri odandaula za mavuto a pakhomo. Kalata yotero komiti singachite nayo kanthu, chifukwa mwina mukhululuka zonse kapena mumanga munthu pa zonse. A Msungi agawa dzenjelo patatu, ndipo achita bwino, chifukwa zitatuzi si mlandu umodzi. Ngongole ya maliro ndi ndalama imene ilipo, ili m'manja mwa munthu wodziwika, chasowa ndi pepala ndi chilolezo. Za 6,500 ndi ndalama yopanda mwini wina, mwini wake ndi wosunga bokosi. Za kwacha ndi ndalama imene palibe anaidya, inasungunuka ili m'jumbo. Iliyonse ili ndi woibweza wake.

Chondivuta ndi theka ndi theka lija. Lachokera kuti? Kugawa pakati kumamveka ngati chilungamo koma nthawi zambiri ndi njira yothawira kuwerengera. A Mlembi, tatiwerengerani zimene tinalemba pamsonkhano umene tinavomera makwacha.

Mlembi: Ndatsegula buku la misonkhano. Pa 15 Okutobala tinalemba kuti komiti yavomera kugulitsa mbatatesi yotsala kwa ogula a ku Dedza pa makwacha chifukwa yayamba kuphukira ndipo ogula a metikali sakubwera. Mzere wotsatira ukuti msungichuma asinthe makwachawo pasanathe masiku asanu ndi awiri chilandirireni n'kukaika kubanki. Tinasaina asanu.

Wamkulu wa Konselyu Fisikali: Ndiye malire ake ndi amenewo. Analandira pa 19, tsiku lomaliza linali pa 26 Okutobala. A Msungi, sabata imeneyo pamalire ankapereka bwanji?

Msungichuma: Ndinapitako pa 23. Ankapereka pa 26. Ndinawerengera ndikuona kuti ndibwerako ndi 67,300, pamene m'buku ndinali nditalemba kale 70,000. Ndinaopa kuti mudzati 2,700 ndadya ine. Ndinati ndidikire pang'ono mwina zibwerera pa 25. Sabata inatha, ina inayamba, kenaka ndinamva pa wailesi usiku. Chifukwa chake ndi chimenechi, palibe china.

Mayi a banki ya m'mudzi: Ayi ndithu, bambo inu. Mukanangoimba foni. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Munathawa 2,700 n'kukagwera mu 20,000.

Msungichuma: Ndi momwemo, mayi. Ndilibe choyankha.

Wamkulu wa Konselyu Fisikali: Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndikufuna aliyense amene adzagwire buku lino mtsogolo amve. Cholakwa choyamba sichinachitike pa 14 Novembala, chinachitika pa 19 Okutobala pamene cholembera chinalemba 70,000 MT. Tsiku limenelo gulu linalibe 70,000 MT. Linali ndi makwacha 1,750,000. Mtengo wa 25 unali wa pamunda, wogwirizana ndi ogula pofuna kupeza mtengo wa thumba la mbatatesi, sunali mtengo umene wosintha ndalama angakupatseni. Makwacha amalembedwa ngati makwacha, patsamba lawolawo, ndipo amalowa patsamba la metikali tsiku limene asinthidwa, pa ndalama imene yagwiridwa m'manja. A Msungi akanatero, pa 23 akanasintha opanda mantha, n'kulemba 67,300, palibe akanafunsa kanthu. Nambala imene analemba okha ndi imene inawamanga miyendo.

Choncho 20,000 ija nayonso ndi iwiri. Ya 2,700 ndi ya gulu, chifukwa ndi mtengo wa chisankho chathu chovomera makwacha, ndipo ikanatayika ngakhale akanamvera lamulo. Ya 17,300 inabwera chifukwa chodutsitsa tsiku limene tinalemba. Mwa mabuku, imeneyo ndi yawo. Gulu likhoza kuwachitira chifundo n'kuchotsapo, koma lidziwe kuti likukhululuka pa 17,300. Lisaganize kuti likugawana nawo tsoka la mvula.

Wachiwiri kwa Mlembi: Koma bambo, 17,300 kuphatikiza 6,500 ndi 23,800. Munthu wa mahekitala awiri aitenga kuti? Ndiponso ife asanu amene tinasaina, ndani anafunsa pa 26 kuti a Msungi mwasintha? Ine sindinafunse. Konselyu Fisikali inafunsa? Lisiti la kubanki likanaoneka sabata yomweyo tikanadziwa.

Wamkulu wa Konselyu Fisikali: Sitinafunse, mayi. Malamulo athu akuti tiziwerenga bokosi mwezi uliwonse, ndipo tinamaliza kuwerenga mu Ogasiti. Ine ndinali ku Tete kuchipatala ndi mayi a kunyumba, anzanga awiri anadikira ine. Zimenezi ndidzazinena ndekha pamaso pa mamembala, ndipo zilembedwe. Ngati pali chifukwa chochotsera pa 17,300, chifukwa chake ndi chimenechi, osati kuti kwacha inagwa.

Mayi a banki ya m'mudzi: Ndiloleni ndinene za kwathu. Ku gulu lathu la amayi la kusunga ndi kubwereketsa, bokosi lili ndi maloko atatu, makiyi ali ndi amayi atatu osiyana, ndipo wosunga bokosi alibe kiyi. Chaka china msungi wathu anadwalitsa mwana usiku, ndalama zili pansi pa bedi lake, koma sakanatha kutsegula. Anadzutsa amayi atatuwo, anabwera ndi matochi, tinatsegula, tinalemba, anapita kuchipatala. Tsiku logawana palibe inasowa. Komanso tili ndi kathumba kapadera ka mavuto, aliyense amaponyamo pang'ono sabata iliyonse, ka maliro ndi matenda. Inu gulu lalikulu chonchi mulibe kathumba ka maliro, ndiye maliro akagwa munthu athamangira kuti? Athamangira kwa wosunga ndalama ya feteleza. Ine pa 12,000 ija sindikuwaona a Msungi ngati olakwa kwenikweni. Thupi lili ku Tete, mukanati adikire komiti ikumane Lamlungu?

Mnyamata wa ku Moatize: Mayi, chifundo ndi chabwino, koma ndalama ya anthu 40 munthu mmodzi sangaipereke yekha. Lero ndi maliro, mawa ndi mlamu wake. Funso langa: a Msungi anauzako munthu kapena anangotsegula bokosi?

Msungichuma: Ndinaimbira foni munthu mmodzi wa m'komiti ndisanapereke. Sindinamutchule m'kalata chifukwa ndalama inatuluka ndi dzanja langa.

Mlimi wa kumtunda: Mutchuleni.

Wapampando: Asavutike, ndine. Anandiimbira cha m'ma 10 usiku, ndinati perekani tidzalemba mawa. Mawalo tinali kumanda, mkuja wake ndinapita ku Tsangano kukagula mbewu, ndipo nkhaniyo inagona mpaka lero. Kalatayi nditaiwerenga m'mawa ndinaona kuti dzina langa mulibe, ndipo ndinakhala chete. Sizinali bwino. Chikole cha 12,000 chisakhale pa a Msungi okha. Wobwerekayo akalephera, 6,000 ndi yanga.

Mlimi wa kumtunda: Khoswe wa padenga waulula wa padzala. Tsono a Wapampando, mlandu umene muli nawo mbali muuweruza bwanji?

Wamkulu wa Konselyu Fisikali: Amalume anena zoona, ndipo si mwano. Pokambirana za 12,000 a Wapampando apereke mpando kwa wachiwiri wawo. A Msungi, kalata yanu ikonzedwe pamenepa. Kalata yotere siyenera kuteteza munthu, ngakhale mwa ulemu. Mulembe tsiku, ola, amene munamuimbira ndi zimene anayankha. Mukabisa chimodzi chabwino, anthu adzaganiza kuti mwabisanso zitatu zoipa.

Pepala la ngongole likhale ndi ndalama yonse m'manambala ndi m'mawu, masiku atatu obwezera, siginecha ya wobwereka, ya achikole awiri, ndi mboni imodzi yosakhala m'komiti. Ine ndikanakonda a nyakwawa. Ndalama yobwezayo isadzere m'manja mwa a Msungi kapena a Wapampando. Ilandiridwe ndi a Mlembi pamaso pa wina, lisiti lilembedwe pomwepo.

Mlembi: Pa 6,500 paja ndakumbukira kanthu. Sabata yokumba mbatatesi ngolo ya ng'ombe inatuta maulendo asanu ndi limodzi kuchoka kudimba kufika pamsewu, ulendo umodzi 300. Ndinaona a Msungi akulipira mwini ngolo 1,800 kuchokera m'thumba la malaya, matope ali m'manja. Ndayang'ana mu 27,000 ya zotuluka, ngolo mulibe.

Msungichuma: Zoona, ndinalipira. Ndinaiwala kulemba. Koma ndinalonjeza kale 6,500, ndipereka yonse.

Wamkulu wa Konselyu Fisikali: Ayi, musapereke imene simunadye ndiponso simunataye. Zikatero buku lidzanama mbali inayo, lidzaonetsa ngati mbatatesi inayenda yokha kufika pamsewu, ndipo chaka chamawa tidzawerengera molakwa mtengo wolimira dimba. Mwini ngolo alembe kapena adinde chala kuti analandira 1,800 pa maulendo asanu ndi limodzi, a Mlembi asaine ngati mboni. Zikatero zotuluka zikhala 28,800, buku likhala pa 146,200, zoperewera 36,700, ndipo zosadziwika zitsika kufika pa 4,700.

Ndili ndi funso lina pa zomwezi. Zija za mufoni 9,500 zili pa nambala ya yani?

Msungichuma: Yanga. Ogula ena amatumiza pa M-Pesa, ena pa e-Mola, ndiye ndinkapereka nambala zanga.

Wamkulu wa Konselyu Fisikali: Ndiye kuti 4,700 ija mwina ili mmenemo. Nambala yomweyo mumagulira mayunitsi, mumatumizira ana kusukulu, mumalandirira za gulu. Ndiponso nthawi iliyonse mukatapa ndalama kwa ejenti pamadulidwa kandalama, ndipo m'buku lonse sindinaonemo mzere ndi umodzi womwe wa zodulidwazo. Musafufute mauthenga a mufoni. Lachinayi ndibwera, tikhale pansi ndi foni ndi buku, tiyambire Ogasiti, uthenga umodziumodzi. Zodulidwa potapa ndalama ya gulu ndi za gulu, zilembedwe. Zimene tidzapeze kuti zinapita ku zapakhomo panu ndi zanu. Zotsala zosadziwika ndi zanunso.

Mnyamata wa ku Moatize: Ndiye mwayamba kuchotsa pang'onopang'ono mpaka munthu adzatsala wopanda mlandu. Ine za polisi ndasiya, poti wobwereka alipo ndipo mboni ilipo. Koma makiyi atule. Munthu sangakhale akusunga bokosi pamene akufufuzidwa za bokosi lomwelo.

Wachiwiri kwa Mlembi: Kubanki siginecha ndi za anthu atatu, ndipo potapa pamafunika awiri. A Msungi ndi mmodzi, a Wapampando ndi wina. Mukachotsa a Msungi lero, kusintha siginecha kumafuna kalata ya msonkhano ndi ulendo wa ku Ulongwe, mwina maulendo awiri. Ureya adikira zimenezo?

Wamkulu wa Konselyu Fisikali: Tisiyanitse. Bokosi, buku ndi ndalama ya mufoni zichoke m'manja mwawo mawa, zipite kwa a Mlembi ndi mayi wachiwiri, ndipo 15,000 ndi 9,500 zikaikidwe kubanki. Siginecha ikhale kaye mpaka feteleza atagulidwa, koma potapa pakhale mmodzi wa ife a Fisikali. Za kuwachotsa pa udindo si za komiti. Anawasankha ndi msonkhano waukulu wa mamembala onse, ndipo ndi womwewo ungawachotse. Kukhululuka ngongole nakonso ndi kwa eni ndalama. Ife asanu ndi awiri sitingakhululuke 7,300 ya anthu 40 pafoni.

Mayi a banki ya m'mudzi: 7,300 yachokeranso kuti? Ndasokonezeka.

Mlembi: Ndi kusiyana kwa 17,300 imene a Fisikali akuti ndi ya a Msungi ndi 10,000 imene iwo apempha kulipira, mayi. Mkangano wonse wa kwacha wagona pa 7,300 imeneyo.

Mayi a banki ya m'mudzi: Aa, ndamva tsopano. Ndiye ine ndikuti alipire yonse koma apatsidwe zaka ziwiri, 10,000 Meyi uno, yotsalayo Meyi winayo, popanda chiwongoladzanja. Munthu mukamufinya nthawi imodzi agulitsa ng'ombe, chaka chamawa alima ndi chiyani, akubwezerani ndi chiyani?

Wachiwiri kwa Mlembi: Ine ndikuti 7,300 igwere gulu. Tonse tinagona. Munthu watumikira zaka zisanu osalandira kanthu, njinga yake, nthawi yake. Mukamulipiritsa yonse, pa chisankho chikubwerachi ndani adzavomere kusunga ndalama?

Mlimi wa kumtunda: Tonse tinagona ndani? Ine sindili m'komiti yosaina, ndinaitanidwa muno ngati woimira a kumtunda. Anagona ndi inu. Ngati mukufuna kumuthandiza, asanu amene munasaina gawanani 7,300, aliyense 1,460. Musaike pa nkhalamba imene inapereka 500 yake n'kumadikira thumba. Ndipo funso langa la ureya silinayankhidwebe.

Mlembi: Ndawerengera, amalume. Pa 105,500 tigula matumba 35, patsala 500. A Msungi akapereka 4,700 pa 20 Disembala, ndi 4,000 yoyamba ya ngongole kumapeto kwa mwezi, tikhala ndi 9,200, matumba ena atatu. Onse 38. Lachinayi mukapezeka zodulidwa zoposa 200, thumba lachitatulo liperewera pang'ono, koma tiyeni tiwerengere 38. Tikati thumba pa munthu, awiri asowa ndipo munda wa gulu sulandira kanthu. Njira ina ndi yakuti aliyense alandire makilogalamu 40 m'malo mwa 50. Anthu 40 atenga makilogalamu 1,600, amene ndi matumba 32, ndipo asanu ndi limodzi atsala a munda wa gulu.

Mlimi wa kumtunda: Kumasula matumba ine ndimakana. Ureya akangomva mphepo ya mvula amanyowa n'kuundana. Ndiponso sikelo ya yani? Mudzayambitsa mlandu wina pamwamba pa uno.

Mayi a banki ya m'mudzi: Koma munda wa gulu ukapanda feteleza, chaka chamawa thumba la gulu lidzadzaza ndi chiyani? Tiyeze tsiku limodzi m'kalasi, aliyense abwere ndi thumba lake la pulasitiki mkati, sikelo tibwereke ziwiri.

Wapampando: Izi sitimaliza pafoni. Ndikuitanitsa msonkhano waukulu Lamlungu pa 17 Disembala tikaweruka kutchalitchi, pasukulu. A Mlembi tumizani uthenga kumidzi yonse mawa. Mfundo zikhala kalata ya a Msungi, 7,300, kagawidwe ka ureya, ndi kathumba ka maliro kamene mayi anena. Pa mfundo ya ngongole ndidzatsika pampando.

Wamkulu wa Konselyu Fisikali: A Msungi, Lachinayi tikamaliza ndi foni mulembenso kalatayo. Yoyambayi isang'ambidwe, isungidwe, yatsopano inene pamwamba kuti ikulowa m'malo mwa ya pa 11. Muikemo 36,700 kapena imene tidzapeze, 20,000 muigawe 2,700 ndi 17,300, munene za ulendo wa pa 23 Okutobala ndi chifukwa chimene munabwerera osasintha, munene za foni ya usiku uja. Pempho lanu la 10,000 mulisiye mmene lilili ngati ndi zimene mungathe, musalonjeze zoposa pofuna kutisangalatsa. Mudzaiwerenge nokha mokweza, m'Chichewa, ndipo ya Chipwitikizi ikhale ya m'faelo.

Msungichuma: Ndamva zonse, bambo. Makiyi, buku ndi bokosi ndibweretsa kwa a Mlembi mawa 7 koloko. Mwini ngolo ndimupeza madzulo ano akamabwera kodyetsa ng'ombe. Funso limodzi: wobwereka uja wandipempha kuti dzina lake lisatchulidwe pamsonkhano, akuti maliro akadali m'maso. Ndimuyankhe bwanji?

Wachiwiri kwa Mlembi: Mudzi wonse unali kumaliroko, akudziwa kale. Koma ine ndikanati tingonena kuti membala, pepala likhale kwa a Fisikali, wofuna kuona akaone.

Mnyamata wa ku Moatize: Ine ndikuti atchulidwe. Ndalama ndi ya onse. Lamlungu sindikhalapo, ndili pa shifiti, koma mawu anga pa 7,300 ndi ofanana ndi a amalume, a Mlembi mundilembere.

Mlembi: Ndalemba, koma malamulo athu salola kuvota uli kutali, ndidzangowerenga maganizo anu. A Msungi, mumuuze abwere Lachinayi kudzasaina, za dzinalo tidzamufunse pamaso.